Malo a Mayi Felizarda pa Kaseti

Ndikukumbukira chaka chimene ababa anandilola koyamba kugwira wailesi yawo ya makaseti awiri. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo tinkakhala pa Chitakale, kuseri kwa msika, m'nyumba imene pakhonde pake ababa ankakonzerapo mawailesi a anthu. Makolo anga anali Alomwe a ku Mozambique amene anaoloka malire nthawi ya nkhondo, ine ndili kumsana. Nkhondo itatha sanabwerere. Ababa ankati mawailesi a ku Mulanje anali atawazolowera.

Khirisimasi ikadutsa, pakhomo pathu pankasonkhana anthu amene kwawo kunali kutali. Panali a Kabeya, atelala ochokera ku Kongo, amene ankavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Panali a Juma a ku Tanzania, okonza mathirakitala kuminda ya tiyi, ndi Mayi Mutale a ku Zambia, amene anakwatiwa pa boma. Ankabwera ndi mabanja awo, aliyense ndi mphika wake. Chakudya sichinkavuta. Chovuta chinali nyimbo, ndipo imeneyo inali ntchito ya ababa.

Chaka chimenecho nkhawa yawo inali pa munthu mmodzi. Mayi Felizarda ankakhala okha m'kachipinda kuseri kwathu, ndipo ankagulitsa nanazi m'mbali mwa msewu. Kwawo kunali ku Mozambique, koma kutali, cha kunyanja yamchere, ndipo chilankhulo chawo chinali Chichuwabo. Amuna awo ndi ana awo nkhondo inawatenga. Chaka chapitacho anabwera kuphwando lathu, anakhala pamphasa kumapeto, nyimbo zonse zinawadutsa, ndipo anachoka anthu asanayambe kuvina. Ababa anali ataika nyimbo ya Chilomwe ndi ina ya Chipwitikizi, poganiza kuti Mozambique yense akwanira pamenepo. Tsopano mayiwo anali atauza amayi kuti chaka chikayamba asamuka, ngakhale kopita sankakudziwa.

"Akuti ngakhale pakati pa alendo iwo ndi mlendobe," amayi anauza ababa. "Munthu uja akachoka pano akafera m'njira."

M'mawa mwake ababa anandiuza kuti ndiwaperekeze kokapempha nyimbo.

Sankasankhira munthu nyimbo ali kunyumba. Ankapita kwa mwini wake, n'kubwereka kaseti, n'kumufunsa mafunso awiri: nyimbo imeneyi ikunena chiyani, ndipo kwanu mumaimba pa zochitika zanji? Ine ndinkaona ngati n'kutaya nthawi, poti nyimbo ikakoma yakoma basi. Koma kwa a Juma tinapeza nyimbo yothamanga bwino, miyendo yanga inayamba yokha kuvina, ndipo ababa atafunsa, a Juma anakanda kumutu n'kuvomera kuti inali yonyoza mkazi wosabereka. Ababa anaibweza pomwepo, chifukwa Mayi Mutale analibe mwana. Nyimbo za zipani ndi za asilikali ankazikananso, za mbali iliyonse, ngakhale zikome bwanji.

Kwa a Kabeya vuto linali lina. Nyimbo yawo ya Chilingala inali yaitali ngati ulendo wa ku Limbe, ndipo ababa anapempha kuti aidule.

"Dulani kumutu, achimwene, osati kumchira!" anatero a Kabeya, ataimitsa makina osokera. "Koyambako amangodandaula za chikondi. Kumapeto n'kumene magitala amalusa. Mukadula kumeneko mwandidula miyendo."

Pomaliza tinagogoda kwa Mayi Felizarda. Ababa anawafunsa m'Chipwitikizi chosakaniza ndi Chichewa kuti nyimbo yawo ndi iti. Iwo anayang'ana pansi n'kunena kuti nyimbo zawo zinatsala kwawo. Tinafunsa kwa ogulitsa makaseti pa Chitakale ndi pa boma, ababa anatumanso munthu wina amene ankapita kumalire, koma kaseti ya Chichuwabo sinapezeke.

Tsiku lojambula, ababa anayala makaseti obwereka pa tebulo lawo, pakati pa mawaya ndi fungo la mtovu wosungunuka. Kaseti yatsopano inalowa kumanja, yobwereka kumanzere. Ntchito yanga inali kupeza poyambira nyimbo iliyonse, ndipo ndinkabweza tepi pozunguza kaseti pa bolopeni kuti mabatire asathe. Kenako ababa ankawerenga mpaka katatu pogwedeza mutu, ine n'kudina mabatani onse pamodzi.

Ndondomeko yake anandiphunzitsa tikugwira ntchito. Yoyamba inali ya kwaya ya Chichewa, chifukwa Chichewa ndicho chinali chilankhulo chimene tonse tinkakumaniramo. Chilankhulo chimodzi sichinkamveka kawiri motsatizana, kuopa kuti ena angaone ngati phwando lili ndi eni ake. Aliyense ankayenera kumva nyimbo yake kaseti isanatembenuzidwe, poti munthu amene wadikira mbali yonse osamva ya kwawo amayamba kuyang'ana kumene anaika nsapato. Zodekha zinkapita koyambirira, nthawi ya chakudya. Nyimbo yokumbutsa kumudzi ankaiika pakati, ndipo pambuyo pake pankabwera yovina, kuti munthu akalira asakhalitse m'misozi.

Titajambula ya Chibemba ya Mayi Mutale, ababa anatulutsa kaseti ya kumanzere n'kusiya yatsopano ija ikuyenda yokha, osajambula kanthu. Ndinaganiza kuti aiwala.

"Ababa, tepi ikungopita!"

"Isiye. Amenewa ndi malo a Mayi Felizarda."

"Koma mulibe nyimbo. Anthu adzati wailesi yafa. Inu okonza mawailesi!"

Ndinali ndi manyazi kale, phwando lisanafike n'komwe. Ndinkaona ana a a Kabeya akukafalitsa kusukulu. Ndinapempha kuti tiikepo ina ya Chipwitikizi, poti mayiwo ankachimva.

"Chipwitikizi ndi cha kumsika ndi kuchipatala, Lusia," anatero. "Munthu salota m'Chipwitikizi. Mbale ya mlendo sudzazamo chakudya cha wina chifukwa choti chake sichinapse."

Anadikira mpaka malowo anakwana nyimbo imodzi, kenako tinajambula ya a Kabeya ija, yodulidwa kumutu. Pamapeto anathyola timapulasitiki ta pamwamba pa kaseti kuti wina asajambulepo zina.

Phwando linachitika masana, pansi pa mtengo wa mapeyala. Mvula inali itagwa m'mawa, phiri linali litavala mitambo mpaka m'chiuno, ndipo pabwalo pankanunkhira mpunga wa a Juma ndi nyemba za kalongonda za amayi. Amayi anachita kukawatenga pamkono Mayi Felizarda, amene anakhalanso kumapeto kwa mphasa ngati chaka chatha. Ine ndinakhala pafupi ndi wailesi. Ababa anali atandilamula kuti ndisakhudze batani lililonse mpaka mbali yoyamba ithe.

Zonse zinayenda monga anakonzera. Ya Chiswahili italira, a Juma anatseka maso n'kuika dzanja pachifuwa. Ya Chibemba inawagwetsa misozi Mayi Mutale, akuseka nthawi yomweyo. Itatha, m'wailesi munangotsala kamphepo kaja ka tepi yopanda kanthu. A Kabeya anadzuka kuti akamenye wailesi kumsana, ine ndinafuna nthaka ingondimeza.

"Sinafe, khalani pansi," anatero ababa. "Awa ndi malo a Mayi Felizarda. Nyimbo yawo tinaifuna, sitinaipeze. Akafuna kuimba aimba. Akapanda kufuna, tikhala nawo chete mpaka malo awo athe."

Sindinaonepo bata lolemera ngati limenelo. Tinkamva minibasi zikuitanira za ku Limbe ku siteji, ndi madontho akugwa m'masamba a mapeyala. Mayi Felizarda ankangopotokola ngodya ya chitenje chawo. Ine maso anali pa kawindo ka kaseti, kuona tepi ikusamuka pang'onopang'ono, ndipo ndinkadziwa kuti magitala a a Kabeya ali pafupi.

Kenako anaimba. Mzere umodzi wokha, ndi mawu osasa ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa. Anaima, n'kupukusa mutu.

"Siyimbika ndi munthu mmodzi," anatero m'Chichewa chawo chodukaduka. "Ndi yosinjira mpunga. Ine ndimayamba, ena amavomera. Ovomera anga kulibe."

Nthawi yomweyo ndinamva kaphokoso kamene kamabwera nyimbo ikatsala pang'ono kuyamba. Sindinaganize za lamulo la ababa. Ndinadina batani loimitsa, ndipo linalira kuti kha! Ababa anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu kamodzi.

"Tiphunzitseni povomera, mayi," anatero Mayi Mutale, akusendera pafupi.

Anali mawu ochepa, koma anatipinda malilime. Makolo anga ankatolako liwu limodzilimodzi lofanana ndi Chilomwe, enafe tinkangotsatira phokoso. A Juma ankathamanga, a Kabeya ankakometsera ndi mawu awo okhuthala mpaka Mayi Felizarda anawaimitsa ndi dzanja, n'kuwauza kuti akaimba choncho mpunga uthera pansi. Anthu anaseka, iwonso anaseka, ndipo aka kanali koyamba kuona kuti anali ndi mpata pakati pa mano. Amayi anatulutsa mtondo ndi minsi iwiri kuti tipeze kayendedwe kake. Mayi Felizarda anayamba, ife tinavomera, anayambanso, tinavomeranso, mawu awo akukula, misozi ikutsika osaipukuta. Ine ndinalira nawo, osadziwa n'komwe kuti nyimboyo ikunena chiyani. Atamaliza anandiyang'ana n'kuloza wailesi, ndipo nditadina batani, magitala a ku Kongo analusa, bwalo lonse linadzuka.

Mayi Felizarda sanasamuke. Anakhala kuseri kwathu mpaka tsitsi lawo linayera, ndipo maliro awo anatuluka pakhomo pathu.

Lero nanenso ndine mlendo m'dziko la eni, kutali ndi phiri, ndipo anzanga a m'mayiko osiyanasiyana akafuna kusonkhana, nyimbo amasiyira ine. Pafoni nyimbo ya chilankhulo chilichonse imapezeka msanga, n'chifukwa chake n'kosavuta kunamizana kuti aliyense wakwanira. Ndimafunsabe mwini wake tanthauzo la nyimbo ndisanaiike. Ndipo ndimayang'ana amene wakhala phee pamene ena akuvina. Ndili mwana ndinkaganiza kuti mayi aja ankasowa nyimbo. Nyimbo anali nayo zaka zonsezo. Chimene nkhondo inawalanda chinali anthu ovomera, ndipo amenewo sapezeka pa kaseti kapena pafoni. Amapezeka wina akatseka wailesi n'kunena kuti, yambani, ife tivomera.