Envulopu ya Kuseri kwa Jenereta

Pamene ndinkagwira ntchito pa fakitale ya madzi oundana ku Mbamba Bay, bwana ankatidula ndalama za penshoni mwezi uliwonse. Poti makadi a umembala wa thumba la penshoni tinali nawo, tinkangoti ndalamazo zikufika. Uchitsiru wake! Khadi langa ndinkalisunga m'Baibulo.

Amene anatitsegula maso ndi mayi wina wa ku Liuli, wosesa pafakitalepo. Ukalamba utayandikira, anapita ku ofesi ya thumba la penshoni kukafunsa kuti zawo zakwana zingati. Anapeza kuti bwana sanaperekeko kalikonse. Anasiya dandaulo pamodzi ndi timapepala ta malipiro, ndipo ofesiyo inati itumiza wofufuza.

Bwana atamva, anaitanira mayiwo kuseri kwa jenereta, komwe ine ndinkathira dizilo, n'kutulutsa envulopu yonenepa.

"Amayi, landirani zanu, nkhaniyi ithere pompano."

"Bwana, penshoni salandirira kuseri kwa jenereta," anayankha mayiwo. "Kaperekeni komwe zimayenera kupita. Za tonsefe."

Wofufuza anabweradi, ndipo bwana anakakamizidwa kupereka zonse kuthumbako, chindapusa pamwamba.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti envulopu ija ine ndikanailandira ndi manja awiri, n'kuthokozanso.