Matumba Anayi a Chakudya cha Nkhuku

M'mawa uliwonse amayi amavala majombo a malemu bambo, nkupita kuseri kwa nyumba kukagogoda pa chitseko cha khola. Amagogoda ngati mlendo, amadikira pang'ono, kenako amalowa. Amati nkhuku ukaidzidzimutsa imabisa dzira.

Kholalo ndi la zipinda ziwiri. Bambo anamanga ndi mng'ono wawo pa malo a banja, ndalama anasonkherana theka theka. Pulani ya chaka choyamba analemba ndi bambo pa mapepala awiri: nkhuku mazana awiri, matumba khumi ndi asanu a chakudya pa mwezi, mazira 160 pa tsiku. Phindu la chakacho linali loti ligule nkhuku zatsopano zakale zikakalamba. Bambo anamwalira nkhuku zitangoyamba kuikira, ndipo amayi anakhomera mapepala aja pa khoma la sitolo. Tsiku ndi tsiku ankalemba mazira pa kalendala.

Chaka chitatha, bambo aang'ono anabwera Loweruka masana. Amagwira ntchito yowerengera ndalama pa shopu ya zitsulo. Anali atanena kale kuti khola likapanda kupindula, mbali yawo adzaikamo alendi.

Anakhala pa tebulo la m'khitchini, nalemba mizere itatu: zomwe tinayembekeza, zomwe zinachitika, kusiyana kwake. Ine ndinkawawerengera za pa kalendala.

"Mtengo wa mazira unakwerako pang'ono, apa tapindula. Nkhuku tinkayembekeza kufa khumi, zafa khumi ndi zinayi. Zimenezo ndi mazira atatu pa tsiku, sindingakudzudzuleni nazo," anatero. Kenako anaima pa mzere wa chakudya. "Alamu, apa mwandidabwitsa. Dziko lonse likulira kukwera kwa chakudya, inu nokha mwalipira ndendende za mu pulani. Wogulitsayo akukufunsirani kapena?"

Amayi anaseka pang'ono, koyamba tsiku limenelo. "Achimwene anu analemba ndalama yake. Ine sindinapyole ngakhale mwezi umodzi."

"Mtengo unakwera liti?"

"Mwezi wachinayi."

"Ndalama yomweyo inkagula matumba angati?"

"Khumi ndi limodzi."

"Nanga anayi enawo?"

"Ndinkasakaniza ndi gaga. Zimakhuta ndithu, alamu. Kaoneni, palibe yowonda."

Bambo aang'ono anandiuza kuti ndiwerengenso mazira mwezi ndi mwezi. Miyezi itatu yoyamba anali pa 160. Kuyambira wachinayi anatsikira pa zana, osakweranso. Amayi ankati ndi kutentha, mvula itabwera anati ndi chinyezi, ndipo ine ndinkawakhulupirira.

"Gaga amadzaza mimba koma sapanga dzira," anatero bambo aang'ono, mawu atatsika. "Mwapulumutsa matumba anayi pa mwezi, mwataya mazira makumi asanu ndi limodzi tsiku lililonse. Mazira a sabata imodzi akanagula matumbawo."

"Ndiye ndikanaphwanya zomwe analemba?"

"Iwo analemba matumba khumi ndi asanu. Mtengowo ankangoyerekeza ndi wa nthawi imeneyo. Akanakhalapo akanaufufuta okha."

Amayi anayang'ana majombo amene anali pakhomo, matope atauma. Kuseri nkhuku imodzi inkatetera.

Ndinkaganiza kuti bambo aang'ono akalipa, koma anangotembenuza pepala nkuyamba pulani ya chaka chachiwiri. Nkhukuzo zakalamba, anatero, ngakhale zitapatsidwa chakudya chabwino sizingabwerere pakale. Ndalama yogulira zatsopano mazana awiri palibe. Zomwe zasiya kuikira zigulitsidwe sabata yomweyo kuti zigule chakudya chosasakaniza cha zotsalazo. Zotsalazo zidzagulitsidwe pakatha miyezi itatu, ndipo nkhuku zatsopano zidzakhale zana limodzi basi. Pa mtengo wa chakudya anaonjezerapo malo oti ukwerere. Pansi analemba kuti pulani iziunikidwa miyezi itatu iliyonse, osadikira chaka.

"Nkhuku zana zikwana chipinda chimodzi," anatero amayi.

"Zikwana."

"Ndiye chinacho mwatenga."

"Nanenso ndili ndi ana, alamu. Mmisiri abwera Lolemba kudzaboola zenera."

Amayi anawaperekeza mpaka pa geti, atawapatsira mazira khumi ndi awiri m'pepala monga amachitira masiku onse. Atabwerera anachotsa mapepala a bambo pa khoma la sitolo, nawapinda bwinobwino nkuwaika m'sutikesi ya zovala zawo. Pa msomali womwewo anakhomapo la bambo aang'ono.

M'mawa mwake anavala majombo, nagogoda pa chitseko cha khola. Ankanyamula nkhuku imodzi imodzi nkuipima ndi zala pakati pa mafupa a kumchira. Yolowa zala zitatu ankaitsitsa pansi, poti imeneyo inali ikuikirabe. Yolowa chala chimodzi, yosiya kuikira, ankandipatsira ine kuti ndiimange miyendo. Pofika nthawi ya tiyi, chingwe chinali chitatithera, ndipo amayi anandituma kukang'amba nsalu yakale.