Chala cha a Lettie pa lipoti la mbewu

Amayi Lettie Msiska a ku Hara akhala mlembi wa kalabu ya alimi a mpunga kwa zaka zisanu ndi zinayi. Anawasankha chifukwa amalemba zowerengeka. Chaka chilichonse amafuna kuwachotsa chifukwa amawerenganso zimene ena alemba.

Novembala wa chaka chatha, mango akupsa ndipo mitambo ikungolonjeza, bungwe lina linabweretsa matumba asanu ndi limodzi a mbewu ya mpunga. Anajambulitsa zithunzi, anaomba m'manja, galimoto n'kubwerera ku Boma. A Lettie anatapa njere m'matumba onse, nawerenga zana limodzi, naziika pa nsalu yonyowa. Patatha sabata zinamera 38 zokha.

Analemba lipoti la tsamba limodzi ndi cholembera, naikamo manambala a matumbawo. A Zebedee, wapampando wa kalabu, anadindapo chidindo osaliwerenga bwino, chifukwa magalasi anali atatsala kunyumba. Iwo analamula kuti nkhani ikhale mu lipoti lodindidwa basi, imelo ingopereka moni. A Lettie anajambula pepalalo pa foni, n'kutumiza kwa a Stanford, mlangizi wa bungwelo, ataima pa chulu pomwe netiweki imabwera ikafuna.

Yankho linafika madzi a tiyi asanawire.

"Tawerenga mosamala lipoti lanu lonse," linatero. "Zotsatira zake n'zolimbikitsa, ndipo matebulo anu ndi omveka bwino. Gawani mbewu, alimi afese nazale mvula isanakhazikike."

A Zebedee anawerenga mokweza kawiri. "Mwamva, amama? Mosamala! Mawa tigawa."

"Matebulo ake ati, adada?"

"Anuwo."

"Ine tebulo ndili nalo limodzi, ndimadyerapo. Mu lipoti munalibe. Ndipo 38 pa zana yalimbikitsa ndani?"

"Anthu aja anaphunzira. Mwina kwawo 38 ndi yambiri."

A Lettie anatsegula imelo imene anatumiza ija. Moni analipo, dzina lawo linalipo. Pansi, pamene pamaoneka kachithunzi ndi dzina la fayilo, panali poyera ngati munda wa mu Okutobala. Chithunzi sichinamatike, ndipo iwo anadina kutumiza osayang'ana. Kulakwa koyamba kunali kwawo, anavomera. Koma a Stanford anali atawerenga mosamala pepala limene silinachoke ku Hara. Luso lotere sitinalionepo kwathu kuno.

A Zebedee sanagonje. Mabanja makumi anayi amadikira mbewuyo, ndipo yankho la ku Boma ndi yankho la ku Boma. A Lettie anawakumbutsa kuti nazale ikakanika munthu amazindikira patapita masabata, anzake akukonzekera kuwokera, ndipo mvula sidikira kuti ayambirenso. Kenaka anaika kiyi wa nyumba yosungira mbewu m'mpango n'kumanga mfundo.

Anakweranso chulu chija. Ulendo uno anadikira mpaka kachithunzi kaoneke pansi pa uthenga, ndipo atatumiza anatsegulanso kuti aone ngati kapita. Analemba funso limodzi lokha: "Bwana, pa zana zinamera zingati?" Nambalayo sanaitchule.

Tsiku linadutsa. Lachiwiri kunagwa kamvula kongonunkhiritsa fumbi, anthu n'kuyamba kubwera ndi mabeseni. Mayi wina anafunsa ngati mlembi akufuna kuphika mbewuyo pa Khirisimasi. A Zebedee amayankha aliyense kuti, "Funsani amene ali ndi kiyi," akuloza ndi mlomo.

Lachitatu yankho linabwera, lopanda moni, lopanda kuyamikira.

"38 pa 100? Musagawe. Chala chanu chaphimba nambala ya thumba lachitatu, jambulaninso. Komanso mwasakaniza njere za matumba onse, ndidziwa bwanji loipa ndi liti? Yesani thumba lililonse palokha."

A Lettie anaseka mpaka kukhala pansi.

"Akukudzudzulani, inu mukuseka?" anafunsa a Zebedee.

"Aona chala changa, adada. Chala chili pa pepala lenileni. Uja wa yankho loyamba anaona matebulo."

"Si munthu mmodzi yemweyo?"

"Dzina ndi limodzi."

Anayesa thumba lililonse palokha, nsalu zisanu ndi imodzi pakhonde, nkhuku akuziingitsa. Matumba awiri anamera bwino ndipo anagawidwa. Anayi anali akufa. Bungwe linadzawatenga n'kusiya ena kumayambiriro kwa Disembala, popanda kujambulitsa zithunzi. Nazale zinachedwa ndi masiku khumi, koma zinamera zothinana, ndipo mu Januwale mabanja onse anawokera.

Pa msonkhano wa kalabu a Zebedee anafotokoza kuti iwo anakayikira yankho loyamba lija atangoliona. A Lettie, monga mlembi, analemba mawuwo m'buku. Pansi pake anaonjezera kuti wapampando analiwerenga mokweza kawiri.

Anawasankhanso a Lettie kukhala mlembi, ndi mavoti ochepa kuposa chaka chinacho.