Funso la Mkazi Wojambula Ekisilei

Zaka khumi akujambula ekisilei, funso lake kwa amayi silinasinthe: “Mwezi uno mwasamba liti?”

Lero analowa mayi womva m'chiuno, apongozi ake aakazi ali pambuyo. Wojambulayo atafunsa, apongozi anayankha okha: “Alibe mimba ameneyu, jambulani. Mwamuna wake ali kunja chaka chonse.”

Mayiyo anangoyang'ana pansi.

“Amayi, cheza cha makinawa sichifuna anthu oonerera. Tatulukani,” anatero wojambulayo kwa apongoziwo, akumeza mkwiyo.

Chitseko chitatsekedwa, mayi uja ananong'ona kuti papita miyezi iwiri osasamba. Wojambulayo sanajambule, anamubweza kwa dokotala kuti aonenso ngati n'kofunikadi kuunika chiuno chokhala ndi mwana, poti cheza chingavulaze mwanayo.

Panja apongozi anakalipa: “Mwalephera ntchito?”

“Makina atopa, amayi,” anayankha. “Ngati ine.”