Pepala la kumsika

"Mwanayo, mwanayo, mwanayo," anatero munthu uja, akuloza pepala langa ndi chala. "Kasanu konse. Achimwene, mukufuna mwana kapena mbuzi yotayika?"

Tinaima kuseri kwa benchi lake pa msika wa Lundazi, dzuwa lili pamutu. Anali munthu wa ku Kasungu, wogulitsa mankhwala a makoswe, ndipo anali ndi chimkuzamawu cha mabatire. Anthu ankamupatsa mapepala a zinthu zotayika ndi a maliro kuti awerenge mokweza asanawamate pakhoma. Ambiri obwera kumsika sankawerenga. Ankamva kwa iye.

Mwana wanga wamkazi anali atachoka miyezi itatu. Ndinamuthamangitsa ndine, atatenga mimba ali Giredi 9. Ndinanena mawu oipa pabwalo, anthu akumva. Mkazi wanga sanandikalipire. Anangoyamba kuonda. Wina atatiuza kuti wamuona mtsikanayo akugulitsa nawo mtedza ku boma, ndinang'amba pepala m'buku la sikelo ya fodya n'kulemba. Ndinapalasa njinga kuchokera ku Kapichila pepalalo lili m'thumba la malaya.

"Imani apo," anatero. "Ndikuwerengereni inu nokha, popanda chimkuzamawu. Musayang'ane pepala. Mungomva."

Anatchula dzina la mwana wanga, kenako anawerenga.

"Ndikufuna mwana wanga wamkazi. Mwanayo anachoka ku Kapichila. Mwanayo anachoka mwezi wa Meyi. Mwanayo ndi wamtali woyera. Mwanayo abwerere kunyumba. Amene wamuona mwanayo anene. Amayi ake sakudya."

Polemba ndinkaona ngati zili bwino. Palibe bodza linalimo. Koma m'kamwa mwa munthu wina zinamveka ngati wapolisi akuitana wakuba. Mayi wina wogulitsa tomato pafupi anaseka, n'kubisa pakamwa ndi chitenje.

Munthu uja anatsitsa pepala. "Mwamva? Chiganizo chilichonse ndi chofanana ndi chinzake kutalika. Gu, gu, gu, ngati mukukhoma msomali. Ndikawerenga chonchi anthu amva ziwiri zoyamba, zotsalazo agula tomato. Ndipo mwiniwakeyo akamva athawa."

"Ndi mmene ndimalankhulira," ndinatero.

"Ndaona. N'chifukwa chake muli pano."

Ndikanalanda pepalalo. Koma kunyumba ndikanakanena chiyani?

Anachotsa pensulo kukhutu, n'kuzunguliza liwu lija paliponse pamene linali. Ndinati pena tilembe "mtsikanayo", pena "mwana ameneyu". Anapukusa mutu.

"Kumeneko n'kumusintha malaya chabe. Khutu limvabe kuti mukuloza munthu ndi chala. Dzina mwatchula kamodzi pamwamba, lakwana. Kuchoka apo lankhulani naye. Kodi pakhomo mumamuitana kuti mwanayo?"

"Ayi."

"Ndiye mumutchule iwe, ndipo ngakhale iweyo musamubwereze."

Zoti ndi wamtali woyera anafufuta. Anati mwiniwakeyo amadzidziwa kale. Ziganizo za Kapichila ndi za mwezi wa Meyi anaziphatikiza kukhala chimodzi, chifukwa zonse zinali ndi "anachoka". Anawerenga chapansipansi, akugwedeza mutu, ndipo pamene mpweya unamuthera anaika kachizindikiro. Anawerenganso. Anasuntha liwu limodzi kupita kutsogolo, n'kuwerenganso kachitatu.

Kenako anaima.

"Pakati apa pakusowa chachitali. Mawu ayenera kuyenda kaye, munthu atsatire, kenako mugwetse chachifupi. Mukangodumpha kuchoka pa kuchoka kwake kufika pa bwerera, likhala lamulo. Abwerere chifukwa chiyani?"

"Ndi kwawo."

"Ankadziwa kuti ndi kwawo tsiku limene ankachoka. Ndipatseni mawu, achimwene. Ine sindinganame m'dzina lanu."

Ndinayang'ana mabotolo ake a mankhwala. Ndinayang'ana tayala la njinga yanga. Ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga.

"Ndinalankhula ndi ukali," ndinatero chapansi. "Ndinalakwa. Mwana ali m'mimbayo abadwire pakhomo pathu."

Sanandiyang'ane. Analemba, n'kulumikiza zitatuzo ndi mawu ang'onoang'ono kuti zituluke ndi mpweya umodzi. Zoti amayi ake sakudya anazisiya zazifupi, n'kuziika pamapeto.

"Ichi chokha munalemba bwino," anatero. "Kungoti munachikwirira pansi pa zinzake zofanana nacho. Chachifupi chimaluma chikabwera pambuyo pa chachitali."

Anakopera zonse papepala loyera, anakwera pa kreti ya mabotolo, n'kuyatsa chimkuzamawu. Chinalira kaye ngati nkhumba. Anatchula dzina la mwana wanga kawiri.

"Iwe wa ku Kapichila, amene unachoka kwanu mwezi wa Meyi, atate ako ali mumsika muno. Akuti analankhula ndi ukali ndipo analakwa, choncho akufuna kuti mwana amene wanyamulayo akabadwire pakhomo panu. Bwerera. Amayi ako sakudya."

Msika sunakhale chete wonse, koma mbali yathu inakhala. Amayi a tomato analeka kuseka. Mwamuna wina amene ankayesa nsapato za salaula, zovalidwa kale, anaima ndi nsapato imodzi m'manja. Anthu anayamba kufunafuna ndi maso kuti atatewo ndi ati, ndipo sizinavute. Ndinali ndekha woima ndi njinga, chipewa chili m'manja.

Anawerenga katatu, akusuntha kuloza mbali zosiyana. Kachitatu kasanathe ndinamuona mwana wanga. Anatuluka pakati pa matumba a mtedza, atavala diresi losakhala lake, mimba ili patsogolo. Anayenda pang'onopang'ono. Anagwada pafumbi patali pang'ono ndi ine, monga anaphunzitsidwira.

"Monire, Adada."

Ndinavomera ndi mutu.

"Amama sakudya zoona?"

Ndinavomeranso.

"Izo ndakhulupilila. Ndi mawu anu amenewo, ndawadziwa." Anayang'ana munthu wa chimkuzamawu, kenako ine. "Koma enawo, aatali aja, ndi a bambo awa. Inu simulankhula choncho."

"Anena okha, mwana wanga," anatero wa ku Kasungu. "Ine ndangolumikiza."

"Ngati ananena kwa inu, anene kwa ine." Mawu ake sanakwere. "Ponithamangitsa munanena mweka, ndi pakamwa panu, Adada, pa wanthu. Nenani chimodzi chabe. Katundu wanga ndi wochepa, ndimanga tsopano lino."

Anthu anali atatizungulira. Ena anali a kwathu, amene ndimagulitsa nawo fodya. Mawuwo ndinkawadziwa. Ndinali nditawamva katatu, atakonzedwa bwino, pomwe popumira ndikupadziwa. Linali liwu limodzi lokha lofunika: ndinalakwa. Ndinatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

Wa ku Kasungu anatambasula dzanja kundipatsa pepala. "Werengani, ngati n'kovuta."

Sindinalandire. Mwana wanga anali chigwadire, akudikira, dzanja limodzi atatsamira pansi chifukwa cha kulemera. Zaka zonsezi kuchokera tsikulo ndakhala ndikuliona m'maganizo dzanja limenelo pafumbi.

Ndinavala chipewa. Ndinatembenuza njinga, anthu anapatuka, ndipo ndinaikankha kutuluka pachipata cha msika osanena kanthu.