Kalata ya ku Gurue Imene Anesi Anabisa

Anesi anabadwira m'malayini, nyumba za antchito a esiteti ya tiyi, kufupi ndi chipata cha m'malire cha Muloza, ndipo manja awo sadziwa ntchito ina koma kuthyola tiyi. Agogo awo anachokera ku Mozambique akunjenjemera ndi nkhondo ndi thangata, koma Anesi Chipwitikizi sanachitole. Chilomwe amamva, Chichewa ndiye chawo. Sukulu analekera Sitandade 3. Amuna awo anamwalira mwana ali kumsana, ndiye mwanayo, Cecilia, anamulera okha ndi mtanga wa tiyi ndi mapemphero. Lachinayi lililonse amavala bulauzi yoyera ya Mvano, ngakhale miyendo itatupa chotani.

Pempho lawo kwa Mulungu linali limodzi basi, ndipo sankalibisa: Cecilia akwatiwe ukwati wa mu tchalitchi, atuluke m'malayini, msana wake usapindike ngati wa amake.

Mwamuna anabwera, dzina lake Evance, wa ku Milange ku Mozambique, wokonza mathirakitala pa esiteti ina ya tiyi ku Gurue. Wofatsa, wosamwa, wolowa m'nyumba atavula nsapato. Anati makolo ake onse awiri anamwalira iye ali wamng'ono, anamulera ndi azakhali ake. Anasiya chikole: chitenje chamaluwa ofiira, mpango ndi foni. Cecilia ankayenda ngati saponda pansi.

Akumpingo anati, poti mnyamatayo amapemphera kutali, abweretse kalata ya m'busa wake yosonyeza kuti ali bwino. Kalata inafikadi, ya chidindo, koma yolembedwa m'Chipwitikizi.

Apa mpamene pakulowa a Fanuel, mchimwene wawo wa Anesi, atsibweni a Cecilia komanso nkhoswe yake. A Fanuel anali kalaliki pa esiteti zaka makumi awiri, Chingerezi chochita kutuluka m'mphuno. Atapuma ntchito anayamba kudziphunzitsa Chipwitikizi, ndipo anali ndi njira yawo imene ankainyadira.

"Chipwitikizi ndi Chingerezi chovala chitenje," ankatero. "Ukavula chitenjecho, wapeza mawu. Documento, document. Família, family. Passaporte, passport. Mwaona?"

Njirayo inkagwiradi nthawi zambiri. Anthu ankawabweretsera mapepala a pa chipata ndi a mankhwala, iwo n'kumasulira, zinthu n'kuyenda. Ndiye anafika poyesa kuti palibe mawu angawagwetse.

Tsono pa Muloza odziwa Chipwitikizi chenicheni ngosayamba. Osintha ndalama, akabaza, azimayi a geni. Cecilia anachita kunena.

"Amayi, bwanji tikawaonetse a Rosie ogulitsa kaunjika aja? Anaphunzira ku Mozambique konko."

"Iwe, nkhani ya ukwati amaiyanika pa msika ngati kaunjika?" anatero Anesi. "Rosie akawerenga m'mawa, masana Chinakanaka yonse yamva. Ya ukwati ndi ya ankhoswe, chitseko chotseka. Anthu ali ndi nsanje, angatilodzere."

Lamlungu ataweruka ku tchalitchi anatseka chitseko, atatu okha. A Fanuel anavala magalasi, n'kuyendetsa chala pa pepala. Kenaka chala chinaima.

"Hmm."

"Bwanji achimwene?"

"Chemwali, Mulungu amakukonda iwe. M'busayu ndi munthu wa Mulungu, akutichenjeza." Anawerenga pang'onopang'ono: "Evance pretende casar com Cecília. Casar ndi kukwatira, timamva tonse akamati ukwati ndi kazamentu. Nanga pretende? Vula chitenje. Pretend! Kunamizira. Evance akunamizira kukwatira Cecilia."

"Bodza!" Cecilia anadzuka.

"Khala pansi iwe, ine ndinayamba kuwerenga iwe usanaganiziridwe n'komwe. Imva iyi. Virá com os seus parentes. Adzabwera ndi parentes ake. Parents! Makolo! Nanga si anati ndi wamasiye? Makolo ake adzuka liti kumanda? Munthu wopha makolo ake ndi pakamwa kuti timumvere chisoni, ameneyo ndi wa ukwati?"

Mawu awiri, onse kuloza kumodzi. Akanakhala amodzi mwina Anesi akanakayika. Cecilia anagwada, kugwira miyendo ya amake.

"Amayi, ndimuimbire kaye. Ndimufunse chabe."

"Wabodza akavomera?" anatero a Fanuel. "Akuthira shuga m'makutu basi. Bweretsa foniyo."

Apa ndinene mosabisa: mawu omaliza anali a Anesi. Akanati tidikire, a Fanuel akanadikira. Koma Anesi anakumbukira atsikana angati a m'malayini amene anasiyidwa ndi mimba ndi anyamata odutsa, ndipo mantha anawalankhulira. Anachita kuchotsa okha foni m'manja mwa mwana wawo.

M'mawa mwake chitenje, mpango ndi foni zinakulungidwa mu jumbo, n'kupatsidwa wakabaza kuti akatule kwa azakhali a Evance ku Milange. Kubweza chikole aliyense amadziwa tanthauzo lake. Koma a Fanuel anaikamo ndi kakalata m'Chichewa: Mwana wathu si wa masewera. Mukawapatse moni makolo a Evance amene anauka kwa akufa.

Patatha mlungu Cecilia anabwereka foni ya mnzake mobisa. Evance anayankha, mawu ake ngati a munthu wina.

"Kundikana mukanangondikana. Koma kuseka manda a mayi anga? Azakhali akulirabe mpaka lero. Usadzandiimbirenso."

Foni inaduka. A Fanuel atamva anangoti, "Mwaona? Wagwidwa, akulowera ku mkwiyo."

Kalata ija Anesi sanaitaye. Anaipinda, n'kuiika m'buku la nyimbo, ngati umboni wa tsiku limene Mulungu anawapulumutsa. Ku Mvano anachita kuimirira kuthokoza, osatchula nkhani yake, kungoti Ambuye anatsekula maso athu. Cecilia anasiya kwaya. Chaka chotsatira analembedwa ntchito pa esiteti, n'kupatsidwa mtanga wake. Mayi ndi mwana ankapita limodzi kumunda m'mame, mzere umodzi, osalankhulana kupatula za mchere ndi sopo.

Zinatha zaka zinayi. A Fanuel anagwa kubafa, mbali imodzi inafa, pakamwa panapotoka, mawu anatha. Anawagoneka ku chipatala cha Mulanje Mission, ndipo wowadikirira anali Anesi, poti akazi awo anali atamwalira.

Kumalo kophikira odikirira odwala, Anesi anagundana mafuwa ndi mayi wina wa ku Milange, a Angella, amene anali mphunzitsi asanapume. Ankabwerekana chipande, kupemphera limodzi. Tsiku lina masana akufuna nyimbo yoti aimbe, kalata ija inagwa m'buku. A Angella anaitola.

"Iii, Chipwitikizi! Za ukwati izi. Mwana wanu anakwatiwa kwathu?"

"Ayi, Mulungu anatilanditsa. Kalata yomweyo ikunena kuti mnyamatayo ankanamizira."

A Angella anayang'ana pepala, anayang'ana Anesi, n'kuyang'ananso pepala.

"Pati pamene akutero?"

Anesi ankapadziwa ngakhale sawerenga bwino, poti a Fanuel anadulapo mzere ndi bolopeni. Analoza.

"Pretende? Amayi, pretende ndiye kuti akufuna, watsimikiza mtima. Evance akufuna kukwatira Cecilia. Ndi mmene timalembera makalata a ukwati onse. Kunamizira timati fingir."

"Koma achimwene anati pa Chingerezi..."

"Eya, pa Chingerezi pretend ndi kunamizira. Mawu awiriwo amafanana nkhope, koma si pachibale pa tanthauzo. Ana a sukulu amagwa nawo chaka chilichonse, ine ndatha choko pa mawu amenewa."

Anesi anagwira mwala wa pafuwa osamva kutentha. "Nanga apa? Akuti adzabwera ndi makolo ake, pamene anati ndi wamasiye."

"Parentes ndi abale, mayi. Azakhali, atsibweni, asuweni, onsewo. Makolo timati pais. M'busayu akanafuna makolo akanalemba pais." A Angella anawerenga mpaka pansi, mawu akutsika. "Akutinso ndi mnyamata wokhulupirika, sanakwatirepo, ndipo mpingo ukukondwa naye. Ndani anakuwerengerani?"

Phala linali kupserera. Anesi anapungula lapamwamba m'kapu n'kulowa mu wodi.

A Fanuel anali chigonere, diso limodzi likuwatsata. Anesi anakhala pa mpando, n'kuuzira phala pa sipuni.

"Achimwene, pretende ndi kufuna. Parentes ndi abale. Mwamva? Chitenje chija munavula munthu wolakwika."

Mlomo wa a Fanuel unanjenjemera. Panatuluka mpweya wokha, ndi msozi wotsikira kukhutu. Anesi ankafuna kukalipa, koma ukalipira bwanji munthu woti ukumupukuta dovu? Ndiponso wotseka chitseko anali ndani? Wokana a Rosie anali ndani? Anawamwetsa phala lonse, n'kuwapukuta kukamwa.

Anesi anapempha a Angella kuti afunsefunse kwawo. Yankho silinachedwe: Evance anakwatira chaka chachiwiri chibwezereni chikole, ukwati wa mu tchalitchi, ali ndi mwana wamkazi, amakhala m'nyumba ya malata ku Gurue.

Masiku atatu Anesi analimbana nazo m'pemphero, anene kapena asanene. Anaona kuti kubisa ndi kumene kunawafikitsa apa. Loweruka Cecilia anabwera ndi ufa ndi nkhuni pamutu, zala zake zong'aluka ndi tiyi. Anesi anamutengera pansi pa mtengo kuseri kwa wodi, n'kumuuza zonse, osachotsapo, ngakhale kulakwa kwawo pomulanda foni ija.

Cecilia sanalire. Anamvetsera akusenda khungu la pa chala.

"Ndiye ankandifunadi."

"Ankakufuna, mwanawe. Ndikhululukire."

"Zaka zinayi ndakhala ndikudziuza kuti bola ndinapulumuka kwa wabodza. Ndi zimene zimandidzutsa m'mawa, amayi. Mukanandisiyira bodza lomwelo."

Anatenga nkhata yake, n'kuikung'untha.

"Ufawo ukwana mpaka Lachisanu. Ndapita, Lolemba tiyambira munda wa kumtunda."

Anesi anamuyang'ana akutuluka pa geti. Anaona kuti wayamba kuyenda chowerama pang'ono, mapewa kutsogolo, ngati mtanga ukadali kumsana. Anatsegula pakamwa kuti apemphere monga amachitira, koma atangoti "Atate," sanapeze choti apemphe. Mkati namwino anali kuitana wodikirira a Fanuel, kuti nthawi yowatembenuza yakwana.