Notisi yofika nyengo ya manachesi

Kalata yanga yosiya ntchito ndinailemba kanayi. Chizungu sichinandivute ayi, chimene chinandizunguza mutu ndi tsiku. Malamulo a kubanki kwathu ankati munthu wa pakauntala ngati ine apereke notisi ya mwezi umodzi, koma ine ndinalemba miyezi itatu, kuti tsiku langa lomaliza likhale kumapeto kwa Juni. Ndinathokoza chifukwa cha zaka zonse zimene ndinagwira pa Mwanza, ndi kulonjeza kuphunzitsa wodzalowa m'malo mwanga. Chifukwa chochokera chinali chodziwika: amuna anga anawasamutsira ku Karonga, ndinapempha transifa koma malo kunalibe, ndiye banja la pafoni linanditopetsa.

A manejala atawerenga anavula magalasi.

"Miyezi itatu? Anzanu amangotiponyera makiyi n'kuthawa. Inu ndiye mumaikonda banki."

Ndinangomwetulira. Banki ndinkaikonda, inde, koma osati mpaka pamenepo. Ine ndinkadikira manachesi.

Panali mayi wina wachikulire wa cha ku Thambani amene ankabwera kubanki kamodzi pachaka, akagulitsa manachesi ake kwa mavenda. Anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, anzawo pobwerera iwo anatsala. Kulemba sankatha, ndiye ankadinda chala. Ngakhale mzere wa zenera langa utalike bwanji, ankaima pomwepo. Mlonda akawalozera zenera lopanda anthu ankamukalipira kuti, "Kodi chala ndi chako?" Akafika ankalowetsa dzanja pansi pa galasi, ine n'kugwira chala chachikulu chija, kuchinyika mu inki, kuchigudubuza papepala. Chinali chala chokhakhala, chonunkhira makoko a manachesi, ndipo fungolo linkatsalira m'manja mwanga mpaka poweruka.

Pakamwa analipo, mayi aja! "Iwe mwana, chaka chino waonda. Bankiyi sakudyetsa?" Chaka chimene mayi anga anamwalira, mayi aja anandiona nkhope, osafunsa kanthu, koma sanafulumire kuchotsa dzanja. Kenaka anandiuza za iwo eni. Tsiku limene anathawa kwawo anali kumunda, mfuti zinalira cha kumudzi, ndipo anangotsata anthu kulowera kuno. Amayi awo anali kunyumba. Sanawaonenso.

"Maliro ndinalira, zinatha," anatero. "Koma kuchoka osatsanzika, chimenecho ndiye sichipola. Iwe, tsiku lochoka pano udzanditsanzike. Wamva?"

Ndinati ndamva. Ndi mawu amenewo amene anali kuseri kwa miyezi itatu ija, chifukwa mayi aja ankabwera cha pakati pa Juni.

Notisi yaitali njowawa, musamve zonena anthu. Umakhalapo koma anzako ayamba kale kukuchotsera. Pamsonkhano wa m'mawa akamakamba za mwezi wa mawa amakudumpha ndi maso. Anandipatsa mtsikana wochokera kubulanchi ina kuti ndimuzoloweretse, wanzeru zake ndithu, koma mpando wanga anauyesa ine ndili pompo. Zinandibaya. Chilichonse chinayamba kundikomera, ngakhale zimene ndinkazinyoza kale: fumbi la malole opita kuboda, netiweki yothawa tsiku la malipiro a aphunzitsi, mkangano wa shuga wa tiyi.

Mu Meyi yankho linabwera kuchokera kulikulu ku Blantyre. Kalata yokoma bwanji, yothokoza, yondifunira zabwino. Koma m'munsi mwake munali ndime yakuti masiku anga atchuthi amene ndinali ndisanatenge ndiwatenge mkati mwa notisi yomweyo, chifukwa sadzandilipira m'malo mwake. Ndiye kuti pakauntala ndichoke kumayambiriro kwa Juni.

Ndinalowa mwa a manejala osagogoda n'komwe.

"Bwana, tchuthicho sindikuchifuna. Ndigwira ulere."

"Mayi, mukudziwa kuti sizitheka. Tsiku limenelo likakwana, kulikulu akutsekerani kompyuta. Mukhala pakauntala ngati ndani?"

Ndinawauza za mayi aja. Anamvetsa, anali munthu wabwino, koma anatambasula manja. Ndinatuluka ndikutukwana chamumtima tchuthi chimene ndinkachisunga ngati mbewu.

Poyamba ndinadzitonthoza kuti ndikhalabe pa Mwanza, ndizidzadikira pakhonde la golosale yoyang'anana ndi banki. Koma amuna anga atamva kuti ndamasuka msanga anapeza lole yobwerera kumpoto yopanda katundu, yotchipa, yonyamuka sabata yomweyo. Ndikanawauza chiyani munthu amene wadziphikira chaka chathunthu? Kuti ndikudikira chala?

Tsiku lomaliza ndinabalansa ndalama, wotiyang'anira anatsimikiza, ndinapereka makiyi ndi chidindo, tonse tinasaina. Anandigulira chitenje ndi mapoto, kunali fanta ndi zolankhula. Ndinalira, osanama. Mtsikana uja ndinamusiyira uthenga wa mayi aja, ndipo ndinamubwereza mpaka anati, "Asisi, ndamva."

Kutatsala tsiku limodzi kuti tisamuke ndinakwera pikapu kupita ku Thambani. Faelo ya mayi aja sindinaitsegule kuti ndione mudzi. Zinsinsi za kasitomala tinalumbirira, ndipo sindinafune kuchoka ndi banga. Ndinadalira dzina, poti dzina ndinkalidziwa ngati langa. Ha! Ndinazungulira msika wonse, kwa ogulitsa tomato, kwa akabaza, mpaka pachipatala. Aliyense ankapukusa mutu. Bambo wina wokonza njinga ndiye anandimasula.

"Limenelo ndi dzina la pachiphaso, mayi. Kuno munthu wamkulu timamuitana ndi dzina la mwana wake. Mwana wawo woyamba ndani?"

Zaka zonsezo ndinkadziwa mizere ya chala chawo, koma dzina la mwana wawo sindinafunsepo.

"Amalima manachesi," ndinatero.

Bambo aja anaseka mpaka kugwetsa sipanala. "Kuno salima manachesi ndani?"

Ndinabwerera ndi pikapu yomweyo, fumbi lili mbuu m'tsitsi. M'mawa mwake tinapakira.

Foni inalira ndili ku Karonga, ndikuchapa, thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwa kumeneko. Anali mtsikana uja.

"Asisi, mayi anu aja anabwera."

Ndinakhala pansi pambali pa ndowa. Anati mayi aja anaima pamzere wa zenera lomwe lija, atanyamula kajumbo ka manachesi. Atafika anasuzumira uku ndi uku, kufuna ine. Mtsikanayo anawafotokozera zonse monga ndinamuuzira: za notisi, za tchuthi, ndiponso za ulendo wa ku Thambani, umene ndinali nditamuuza pafoni.

"Ndiye anati chiyani?"

"Sanakalipe. Anapereka chala, ndinadinda. Manachesi anandisiyira ine."

"Basi?"



"Potuluka anabwerera pang'ono. Anati, 'Palibe kanthu. Amayi anganso anachita kumva kwa anthu kuti ndapita.'"

Chaka chotsatira ndinakonzeka, ndalama ya basi ndinasunga, ndinauza mtsikana uja kuti akangowaona andiimbire, awafunsenso dzina la mwana wawo. Juni anadutsa, Julayi anadutsa. Sanabwere, ndipo chaka chinacho sanabwerenso.

Kope ya kalata ija ndikadali nayo, yodindidwa bwinobwino kuti yalandiridwa. Aliyense amene ndinamutsanzika m'menemo anandiyankha kuti ndiyende bwino. Koma Juni akafika, mavenda akayamba kuunjika manachesi pamsika n'kumakuwa kuti ndi a ku Mwanza, ndimagula, ndimasenda limodzi, kenaka ndimanunkhiza chala changa. Ndimawasowa mayi aja, ndipo sindidziwa n'komwe dzina loti ndiwafunsire.